Mafunso a zidule ndi miyambi m'maphunziro a zinenero zitatu

Funso: Ndikukonza maphunziro a zaumoyo a pa intaneti a anthu odzipereka amene amathandiza odwala m'madera mwawo. Tinawalemba m'Chingerezi, ndipo tsopano tikuwaika m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi pa pulogalamu yophunzitsira ya Moodle. Phunziro lililonse limatha ndi mafunso 10, koma ena mwa mafunsowa amadalira zidule monga FAST, miyambi ya Chingerezi ndi zinthu za moyo wa ku Ulaya. Womasulira wathu wawamasulira monga momwe alili, ndipo ena sakumveka n'komwe. Kodi tiwachotse, tiwasiye m'Chingerezi, kapena tichite bwanji kuti satifiketi ikhale yofanana kwa onse?

Yankho: Musafulumire kuwachotsa, komanso musawasiye m'Chingerezi. Womasulira wanuyo mwina sanalakwe, chifukwa munamupatsa ziganizo ndipo iye wakubwezerani ziganizo. Chimene sanapatsidwe ndi cholinga chimene funso lililonse linalembedwera, ndipo popanda chimenecho sakanadziwa mawu oyenera kusunga ndi mawu oyenera kutaya. Choncho ntchito yoyamba ili m'manja mwanu, osati mwa womasulira. Tengani mafunso onse, ndipo pambali pa lililonse lembani chiganizo chimodzi chonena chimene wophunzira akutsimikizira kuti angathe kuchita akalikhoza funsolo. Chiganizocho mulembe m'Chichewa, osalola liwu lililonse la Chingerezi kulowamo. Funso limene mwalephera kulilembera chiganizo chotere ndi limene likuyesa Chingerezi m'malo moyesa zaumoyo, ndipo mudzalizindikira msanga chifukwa cholembera chimangoima.

Tiyeni titenge FAST, popeza mwaitchula ndipo ndi chitsanzo chabwino kwambiri. Chidule chimenechi chinakonzedwa ku Britain mu 1998 pofuna kuthandiza ogwira ntchito m'maambulansi kuzindikira msanga munthu amene wachita sitiroko. Zilembo zake zimakumbutsa nkhope, mkono, kalankhulidwe ndi nthawi, ndipo zikaphatikizidwa zimapanga liwu la Chingerezi lotanthauza kufulumira, kotero kuti chidulecho chimanenanso chimene munthu ayenera kuchita. Funso lofala pa chidulechi limaoneka chonchi pakompyuta:

```
What does the A in FAST stand for?
Arm / Airway / Alert / Age
```

Wolemba funsoli anasankha dala mayankho anayi oyamba ndi chilembo A, ndipo msampha wonse uli pamenepo. Womasulira wokhulupirika alemba kuti, "Kodi chilembo A mu FAST chikuimira chiyani?", kenako n'kundandalika mkono, njira ya mpweya, kukhala tcheru ndi zaka zakubadwa. Palibe yankho ngakhale limodzi limene likuyamba ndi A. Mayi wa ku Ntcheu amene amadziwa bwino kuti wodwala akalephera kukweza mkono umodzi ndiye kuti zinthu zavuta, ayenera kuyamba wakumbukira liwu la Chingerezi lotanthauza mkono kuti apeze malikisi, pamene mnyamata amene anafika Fomu 4 koma sanamvetse phunzirolo angathe kutembenuzira mayankhowo m'Chingerezi m'mutu mwake n'kuyerekeza. Funsolo lasiya kusiyanitsa odziwa ndi osadziwa sitiroko, layamba kusiyanitsa amene anapita patali kusukulu ndi amene sanapite.

Chiganizo cha cholinga cha funsoli chiyenera kukhala chonga ichi: wophunzira akudziwa kuti kufooka kwa mkono umodzi ndi chizindikiro cha sitiroko, ndipo akudziwa kayesedwe kake. Mukachiwerenga muona kuti chilembo A sichikupezekamo. Chidulecho chinali chokumbutsira chabe, monga mfundo imene munthu amamanga pansalu kuti asaiwale zokagula, ndipo sitiyesa munthu pomufunsa za mfundoyo. Funso la Chichewa lilembedwe mwatsopano kuchokera pa cholingacho. M'kalembedwe ka GIFT, kamene Moodle imalandira mukafuna kulowetsa mafunso ambiri nthawi imodzi, lingakhale chonchi:

```
$CATEGORY: zaumoyo/ny

::SIT-03:: Agogo ayamba mwadzidzidzi kulankhula mosamveka ndipo pakamwa pawo papotokera mbali imodzi. Muwapemphe kuchita chiyani kuti muone chizindikiro china cha sitiroko? {
=Akweze manja onse awiri
~Apume mwamphamvu katatu
~Aweramitse mutu pachifuwa
~Amwe madzi kapu imodzi
}
```

Onani kuti mayankho onse anayi akuyamba mofanana, ndi otalika pafupifupi mofanana, ndipo lililonse ndi chinthu chimene munthu wosadziwa angachitedi. Lomalizalo ndaliika dala, chifukwa kumwetsa madzi munthu wodwala mwadzidzidzi ndi chizolowezi chathu, pamene wochita sitiroko angathe kulephera kumeza n'kutsamwa. Yankho lolakwa lotere lili ndi ntchito, chifukwa ophunzira ambiri akalisankha mudziwa mbali imene phunziro lanu silinafikepo. Mukafika apa, maganizo anga ndi akuti mubwerere ku Chingerezi ndi kusinthanso funso loyambirira kuti lifanane ndi latsopanoli. Anthu ambiri amaona funso la Chingerezi ngati mwala wosasunthika, chikhalirecho nthawi zambiri funso lolembedwanso limaposa loyamba, ndipo zinenero zonse zitatu zikalandira funso la agogowa, nkhawa yanu ya satifiketi yachepa kale.

Mungafunse ngati ophunzira a Chichewa sakumanidwa chokumbutsira chimene anzawo a Chingerezi ali nacho. Akumanidwadi, ndipo mayiko ena anathetsa vutoli popanga chidule chawochawo m'malo momasulira. Olankhula Chifalansa ku Canada amagwiritsa ntchito VITE, liwu limene nalonso limatanthauza kufulumira. Ku Brazil kuli SAMU, pamene wodwala amapemphedwa kumwetulira, kukweza manja ngati akukumbatira munthu ndi kuimba kanyimbo, ndipo chilembo chomaliza chimanena za changu. Kukoma kwake n'kwakuti SAMU ndi dzinanso la ambulansi za boma kumeneko. Koma pomwepa pali chenjezo kwa inu: womasulira wanu wa Chipwitikizi akatenga SAMU, wophunzira wa ku Tete kapena ku Lichinga amva mawu onse, koma dzinalo silimukumbutsa ambulansi ya kwawo, ndiye kuti theka la mphamvu ya chidulecho latsalira ku Brazil.

M'Chichewa zidule za zilembo sizibwera mosavuta, ndipo chifukwa chake chili m'kapangidwe ka chinenerochi. Mayina athu ambiri amayamba ndi m, n, ch kapena k chifukwa cha magulu a mayina, ndipo ochepa okha ndi amene amayamba ndi lembo la liwu, kotero mukatenga zilembo zoyambirira za nkhope, mkono, kulankhula ndi nthawi mupeza NMKN, chimene palibe angachitchule. Ndaonapo anthu akutha masiku awiri akukakamiza mawu achilendo kuti zilembo zigwirizane, n'kutulutsa chidule chimene iwo eni anayenera kuyang'ana papepala kuti achikumbukire. Ife timakumbukira zinthu mwa kamvekedwe ndi kayendedwe ka mawu, monga zimakhalira m'miyambi ndi m'nyimbo za kusikelo ya ana. Kamzere konga kakuti "nkhope, mkono, mawu, msanga" kamalowa m'khutu mosavuta kuposa chidule chilichonse. Kameneka ndi kanga kongoyerekeza, ndipo musanakagwiritse ntchito kaonetseni kwa dokotala kapena namwino amene akuyang'anira maphunziro anu. Chofunika kwambiri n'chakuti ngati mwapanga chokumbutsira chatsopano, chiyambe chalowa m'phunziro lenilenilo, m'mawu olembedwa ndi m'kanema momwe, chisanaonekere m'mafunso. Kufunsa chinthu chimene phunziro la chinenerocho silinaphunzitse ndi cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri pamene womasulira phunziro ndi womasulira mafunso ali anthu awiri osakumana.

Mafunso onga la FAST savuta kuwapeza, chifukwa womasulira amadandaula yekha. Amene amandidetsa nkhawa ndi amene amamasulirika bwinobwino, n'kumveka mokoma, koma Chichewa chitaulula kale yankho. Mayina a matenda m'Chingerezi ambiri anachokera ku Chigiriki ndi Chilatini ndipo sauza munthu wamba kanthu, pamene athu amafotokoza matendawo. Funso la Chingerezi lofunsa kuti `diabetes` imakhudza kuchuluka kwa chiyani m'magazi limafuna kuti munthu adziwe kanthu, koma m'Chichewa likhala lakuti, "Kodi matenda a shuga amakhudza kuchuluka kwa chiyani m'magazi?", ndipo mwana wa Sitandade 3 alikhoza. Chimodzimodzinso mukafunsa mbali ya thupi imene chifuwa chachikulu chimakonda kugwira, kapena mukatchula sitiroko kuti matenda ofa ziwalo kenako n'kufunsa chizindikiro chake. N'chifukwa chake m'funso la agogo lija ndalemba sitiroko. Pa funso la shuga palibe liwu lina lobisalira kumbuyo kwake, choncho funsani mbali ina ya mfundo yomweyo, monga zizindikiro zimene zingakuchititseni kutumiza munthu kukayezetsa, ndipo musinthenso Chingerezi ndi Chipwitikizi chomwe.

Agwirizanitsi nawonso amaulula. Taonani funso lodzaza mpata lakuti "______ chimapanga ndulu", pamene mayankho ake ndi mtima, chiwindi, mapapo ndi impso. Munthu aliyense wolankhula Chichewa asankha chiwindi ngakhale sanatsegule phunzirolo, chifukwa khutu lake silingalole kuti "mtima chimapanga". M'Chingerezi mneni sasintha chotero, ndipo wolemba funso sanaganizepo za vutoli. Njira yake ndi yosavuta: lisandutseni funso lathunthu, kuti "Kodi ndi chiwalo chiti chimene chimapanga ndulu?", ndipo chi- uja tsopano akugwirizana ndi liwu lakuti chiwalo, osati ndi yankho. Pemphani womasulira wa Chipwitikizi kuti ayang'anenso zomwezi, chifukwa kwawoko timawu totsogolera dzina timaulula ngati dzinalo ndi lachimuna kapena lachikazi, limodzi kapena ambiri.

Palinso kuseweretsa mawu kumene palibe anakufuna. Liwu lakuti malungo, m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, limanena matenda ofalitsidwa ndi udzudzu komanso kutentha ndi kuphwanya kwa thupi kulikonse. Funso la Chingerezi lofuna kuona ngati wophunzira akudziwa kuti si kutentha thupi kulikonse kumene kuli matenda a udzudzu lingathe kutuluka lili lakuti "Kodi malungo onse ndi malungo?" ngati womasulira sanasamale. Mankhwala ndi a kuchipatala, a kwa sing'anga, ophera mbozi m'munda ndi othira m'madzi akumwa. Khungu la pathupi ndi khungu la kusaona zimasiyana pa kakwezedwe ka mawu polankhula, monganso mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, koma pakompyuta zimalembedwa mofanana. M'phunziro chiganizo chozungulira chimathandiza, koma yankho losankhapo nthawi zambiri limakhala liwu limodzi loima lokha, ndipo wophunzira akawerenga "khungu" pansi pa funso la zotsatira za chikuku sadziwa kuti mukunena ziti. Lembani "kusaona" kapena "zilonda za pakhungu", ngakhale yankholo litalikirepo.

Mabungwe ambiri amafuna kuti ntchito yomasulira itsimikizidwe popatsa munthu wachiwiri Chichewacho kuti achibwezere m'Chingerezi, kenako n'kuyerekeza ndi choyambirira. Njirayi imagwira mawu odumphidwa ndi manambala olakwika, koma pa mavuto amene ndafotokozawa ndi yakhungu. "Matenda a shuga" abwerera ali `diabetes`, mpata wa chiwindi ubwerera wopanda mgwirizanitsi wake, ndipo mkulu wa ntchito asayina kuti zonse zili bwino. Choipa kwambiri n'chakuti funso la agogo lija, limene lili lolondola, libwerera losafanana ndi la chilembo A, n'kuoneka ngati womasulira wapotoza. Mayeso a PISA, amene bungwe la OECD limayendetsa m'mayiko ambiri kuyambira mu 2000, anasankha njira ina: amakonza mafunso oyambirira m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, omasulira awiri amagwira ntchito aliyense payekha, ndipo wachitatu amayanjanitsa zimene atulutsa. Inu simungakhale ndi ndalama zotero, koma mungatengeko nzeru yake. Mafunso ovutawo okha, mwina 8 kapena 10 pa maphunziro onse, apatseni anthu awiri pamodzi ndi chiganizo cha cholinga, kenako mukhale pansi atatu ndi kusankha. Mukatero pezani anthu anayi kapena asanu ofanana ndi ophunzira anu, amene sanaone phunzirolo, ndipo muwapatse mafunsowo. Funso limene onse alikhoza osaphunzira ndiye kuti likuulula yankho, ndipo mukawafunsa kuti anadziwa bwanji adzakulozerani liwu lenilenilo.

Za miyambo ndi zinthu za kwina, funsani ngati chinthucho ndi muyeso, chokometsera kapena mfundo yeniyeni. Mabuku a zakudya a ku America amakonda kunena kuti nyama ya munthu mmodzi ikhale yaikulu ngati paketi ya makhadi osewerera. Pamenepo makhadi ndi muyeso chabe, ndipo mungawasinthe ndi chikhatho chopanda zala, chimene aliyense amayenda nacho. Koma muyese ndithu ndi maso kapena sikelo, chifukwa mukasintha chinthu n'kusintha kuchuluka kwake, mwasintha uphungu wa zaumoyo. Pa madzi a shuga ndi mchere opangira kunyumba, pamene lita imodzi ya madzi abwino imafuna masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, musayerekeze kusintha lita kukhala "botolo" kapena supuni yaing'ono kukhala "supuni", chifukwa mabotolo ndi masupuni a m'nyumba zathu ndi osiyanasiyana, ndipo mchere ukachuluka umavulaza mwana.

Funso lomalizitsa mwambi wa Chingerezi wonena kuti kudya apozi tsiku lililonse kumakutalikitsa kwa dokotala ndi chokometsera chabe, loikidwa kuti ophunzira amwetulire. Kulisintha ndi mwambi wathu n'kotheka, koma ine sindingapereke malikisi pa mwambi m'chinenero chilichonse. Mwambi umodzi umatchulidwa mosiyana ku Kasungu ndi ku Mulanje, achinyamata okulira m'tauni ambiri amaudziwa theka, ndipo mwambi umalola matanthauzo angapo, chimene chili ubwino wake pabwalo la milandu koma n'choipa pa funso lofuna yankho limodzi. Ngati mukufuna kuti ophunzira a Chichewa asangalale monga anzawo, yambani mafunsowo ndi ndagi yopanda malikisi, monga ija ya nyumba yopanda khomo imene yankho lake ndi dzira, pa phunziro la zakudya za ana. Moodle imalola kuti funso likhale ndi malikisi 0 m'mayesowo, kapena mungaike ndagiyo m'mawu amene amatuluka wophunzira akatha kuyankha. Msangalatso sukuyenera kukhala pamalo omwewo m'zinenero zonse. Chimene chiyenera kufanana ndi chiwerengero cha mafunso a malikisi ndi kulemera kwake.

Pamene chinthu cha kwina chili mfundo yeniyeni, samalani kuti musasokoneze chinenero ndi dziko. Funso lofunsa nambala yoimba pa ngozi lili ndi yankho 911 ku America ndi 999 ku Britain, koma wophunzira wanu wa Chichewa angathe kukhala ku Dedza, ku Chipata, ku Angonia kapena ku Johannesburg, ndipo wa Chingerezi angathe kukhala ku Blantyre. Funso lotere silikhala ndi yankho limodzi la Chichewa. Lichotseni pa mafunso a malikisi, nambalazo muziike patsamba lapadera la dziko lililonse, ndipo m'malo mwake mufunse chimene chili choona kulikonse, monga chakuti munthu wa zizindikiro za sitiroko apite kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale zizindikirozo zitasiya, ndiponso kuti woperekeza akumbukire nthawi imene zinayamba. Ndalama nazo n'chimodzimodzi, chifukwa kwacha ya Malawi ndi kwacha ya Zambia zili ndi dzina limodzi koma mphamvu zosiyana kwambiri.

Tsopano za kaikidwe kake pa Moodle. Pali njira yolembera zinenero zonse m'funso limodzi, pogwiritsa ntchito sefa yotchedwa `Multi-language content`, motere:

```
<span lang="en" class="multilang">Arm</span><span lang="pt" class="multilang">Braço</span>
```

Sefayi imaonetsa mawu ogwirizana ndi chinenero chimene wophunzira wasankha pa pulogalamuyo. Ndi yabwino pa mitu ya maphunziro ndi malangizo afupiafupi, koma pa mafunso sindiikonda. Funso limakhalabe limodzi pansi pake, lokhala ndi mayankho omwewo m'chiwerengero chomwecho, ndipo zotsatira za ophunzira onse zimasakanikirana, moti simungaone mosavuta kuti a Chichewa ndi amene akugwa pa funso lakutilakuti. Ndi bwino kukhala ndi gulu la mafunso la chinenero chilichonse, monga `zaumoyo/en`, `zaumoyo/ny` ndi `zaumoyo/pt`, funso lililonse likhale ndi dzina lofanana m'magulu atatuwo, monga SIT-03 uja, kenako mupange mayeso atatu, aliwonse otsegukira gulu lake la ophunzira. Ntchito imachuluka pang'ono, ndipo mukakonza funso limodzi muyenera kukumbukira anzake awiri, koma dzina lofananalo ndi limene likuthandizeni kuwapeza. Fayilo ya GIFT muisunge mu `UTF-8`, apo ayi zilembo monga ŵ ndi ç zidzatuluka zophwanyika. Ndipo ngati yankho limodzi lolakwa lakana kumasulirika, musangolitaya n'kusiya atatu, chifukwa wongolota amakhoza funso limodzi pa anayi aliwonse pamene mayankho ali anayi, koma limodzi pa atatu pamene ali atatu. Lembani lina.

Mafunso olemba yankho lalifupi ndi amene anandipweteka ine. Pa maphunziro ena amene ndinathandiza kukonza, tinafunsa kumene kachilombo kena kamakhala, yankho lake lili "m'magazi". Madandaulo anabwera ochuluka kuti kompyuta ikukana yankho lolondola, ndipo tinatha tsiku tikufufuza tisanazindikire kuti mafoni ena amalemba kankhodolero kopindika pamene ife tinaika kowongoka. Kwa munthu n'chimodzi, koma kwa kompyuta ndi zizindikiro ziwiri zosiyana. Onjezani pamenepo amene analemba "mmagazi", "mu magazi" ndi "mmwazi". Moodle imalola kuika mayankho ovomerezeka angapo, ndipo nyenyezi imaimira zilembo zilizonse, kotero `*magazi` ivomereza "m'magazi", "mmagazi" ndi "mu magazi", koma mwazi muyenera kuulemba padera. Pa mkono muyembekezere "nkono", "mikono", "dzanja" ndi "manja". Chichewa cholembedwa pafoni chimasiyana kwambiri pa l ndi r, pa w wa pakati pa mawu ndi pa kulumikiza mawu, choncho pa mayeso a satifiketi ine ndimapewa mtundu uwu wa funso pokhapokha yankho likakhala nambala.

Gulu loyamba likamaliza, tsegulani `Results` kenako `Statistics` pa mayeso a chinenero chilichonse. Mzere wa `Facility index` umaonetsa gawo la malikisi amene ophunzira anapeza pa funsolo, ndipo wa `Discrimination index` umaonetsa ngati amene anakhoza funsolo ndi omwewo amene anachita bwino pa mayeso onse. Musayerekeze manambala a funso limodzi okha, chifukwa magulu awiriwo angathe kusiyana pa maphunziro awo akale. Yang'anani funso limene lapatuka pa njira ya anzake. Tiyerekeze kuti pa mafunso 9 ophunzira a Chichewa ali pansi pa a Chingerezi ndi mapointi apakati pa 3 ndi 8 pa 100, koma pa funso limodzi ali pa 41 pamene anzawo ali pa 85. Kusiyana kwa mafunso 9 aja kungakhale kwa magulu eniwo, koma kwa limodzilo n'kwa funso. Mukatero tengani okhawo amene anakhoza mafunso 8 kapena 9 mwa enawo m'magulu onse awiri, ndipo muone mmene anachitira pa funso lokayikitsalo. Ngati odziwa bwino a Chichewa akugwabe pamenepo, onani yankho lolakwa limene akuthamangira, chifukwa kawirikawiri limakhala ndi tanthauzo lachiwiri limene ndi loona. Funso limene a Chichewa ali pa 98 pamene anzawo ali pa 60 mulikayikirenso chimodzimodzi, ngakhale palibe adzabwere kudzadandaula.

Manambalawa ali ndi malire ake. Pa gulu la anthu 30, munthu mmodzi yekha amasuntha chiwerengero ndi mapointi oposa 3, ndipo pa funso lovuta mwapakatikati kusiyana kwa mapointi 10 kapena 15 pakati pa magulu awiri otere kungabwere mwangozi chabe. Pa magulu aang'ono chonchi, manambala angokuuzani funso loti mukaliwerengenso ndi ophunzira awiri kapena atatu, osati loti mulichotse.

Pa satifiketi, sungani ziganizo za zolinga zija m'tebulo ndipo muonjezemo danga lonena chimene chinachitika pa funso lililonse m'chinenero chilichonse, kaya linangomasuliridwa, linasinthidwa chitsanzo kapena linalembedwa mwatsopano, ndi chifukwa chake. Opereka ndalama kapena a unduna akadzafunsa chifukwa chimene funso 3 la Chichewa silikufanana ndi la Chingerezi, tebulo limeneli ndi limene mudzawaonetse. Ngati pali funso limene cholinga chake n'chofunikadi m'Chingerezi mokha, monga kudziwa zilembo za FAST chifukwa zalembedwa pa mapepala a chipatala chimene ophunzira ena amagwirako ntchito, liikeni m'mafunso oyeserera a gulu limenelo, ndipo mafunso 10 a malikisi akhale a zolinga zomwezo 10 m'zinenero zonse zitatu.